Ulendo wa Amayi Wokasambitsa Mdzukulu

Mng'ono wanga atatiuza kuti ndi woyembekezera, amayi anangofunsa chinthu chimodzi: "Nanga mwanayo adzamusambitsa ndani?" Mng'ono wangayo amakhala ku Dublin, ku Ireland, komwe anatsatira mwamuna wake. Kwathu ku Senga Bay mtsikana sachira mwana woyamba mayi ake ali kutali. Ndiwo amamuthowa ndi madzi otentha, ndiwo amayang'anira mchombo mpaka utagwa. Ana anga onse anandisambitsira ndi amayi. Iye kumeneko analibe aliyense, ndipo pafoni ankamveka kuti akuopa.

Viza ya amayi inatuluka masiku atayandikira kale. Alamu anga, munthu wochangamuka, anapeza matikiti pa intaneti n'kunditumizira chithunzi kuti ndione asanagule. Ine changa ndi kuyanika usipa, za ndege ndimangomva. Koma safunsa anadya phula. Ndinakwera minibasi ndi amayi mpaka ku Salima, kwa mayi wina wokonza maulendo, yemwe ankathandiza akuluakulu a kumzikiti kwathu akamapita ku Maka.

Chithunzicho sanathamangire kuchiona. Anayamba ndi amayi.

"Ndege munakwerapo, mayi?"

"Boti lokha."

"Chingerezi mumamva?"

"Ndimamva akamandinena."

Mayi uja anaseka, kenaka anatenga foni yanga, ndipo kuseka kunathera pomwepo. Anatifotokozera kuti amenewo anali matikiti awiri osagwirizana, ina yokafika ku London, ina yochokera ku London kupita ku Dublin. Amayi akanafunika kutenga okha katundu wawo n'kudutsa pa owona za anthu olowa m'dziko la Britain, pomwe viza ya kumeneko analibe. "Akanawabweza pa Lilongwe pomwepo," anatero. "Ndipo ndege yoyamba ikachedwa, yachiwiriyo sikudziwani."

Anawakonzera tikiti imodzi yodzera ku Nairobi ndi ku Amsterdam, katundu wokalandirira ku Dublin. Anawaitanitsira chakudya cha halali. Kenaka ananena kuti awalembetsa mpando wa matayala pa bwalo lililonse.

Amayi anaimirira. Mayi amene amasenza dengu la nsomba kuchokera kudoko osapuma, awakankhe ngati thumba la chimanga?

"Ndine wolumala ine? Astaghafirullah!"

"Miyendo muli nayo, ndaiona," anatero mayi uja mofatsa. "Koma mabwalo amenewo ndi aakulu, kuyenda kwake n'kotopetsa, ndipo zikwangwani zonse n'za Chingerezi. Mpandowo umabwera ndi munthu. Ndikufuna munthuyo, woti akakufikitseni pakhomo pa ndege."

Amayi anavomera ndi pakamwa pokha.

Tsiku la ulendo ndege inachedwa kunyamuka ku Lilongwe, ndipo yopita ku Amsterdam inawasiya pa Nairobi. Ndinazindikira kuti pavuta m'mawa mwake, alamu ataimba kuti mng'ono wanga wayamba kumva kupweteka ndipo akufunsa kuti amayi ali pati. Komwe anali sindinkadziwa. Kafoni ka amayi kanasiya kugwira atangodutsa malire. Ndinaima pakati pa mathandala a usipa ndikuganiza za mayi anga ali okhaokha pakati pa anthu osamva Chichewa.

Ndinaimbira mayi wa maulendo uja. Anali ataziona kale pa kompyuta yake. Poti tikiti inali imodzi, a kampani ya ndege anawagoneka amayi kuhotela ndi kuwasamutsira pa ndege yotsatira. Koma pempho la mpando silinasamuke nawo, ndiye iye analilembetsanso pa ndege zonse ziwiri zotsala, n'kuimbira a kampaniyo ku Nairobi kuti atsimikize. Masana anandiimbira yekha kuti amayi ali pabwalo, pali mtsikana akuwayang'anira, ndipo akudandaula kuti tiyi wa kumeneko alibe shuga. Ndinalira ndi kuseka nthawi imodzi.

Anafika ku Dublin mwana atabadwa kale, wamkazi, koma mchombo usanagwe.

Mng'ono wanga atatuluka kuchipatala, alamu anandiimbira pa vidiyo n'kutsamiritsa foni penapake m'bafa. Ndinaona amayi atamanga chitenje pamwamba pa juzi yobwereka, akuyesa madzi ndi chigongono, kamwana kali padzanja lawo. Mng'ono wanga anakhala pambali, nkhope itamasuka. Ndinakondwa, koma nsanje inandigwiranso, pakuti onse atatu anali m'kachipinda kamodzi ndipo ine ndinali kuno. Mng'ono wanga ndinamusowa tsiku limenelo kuposa tsiku limene anachoka.

Amayi anayamba kung'ung'udza kanyimbo kawo kosambitsira ana. Ndinawaitana kawiri, sanamve. Onse anali ataiwala kuti ndili pafoni. Sindinadule, ndinangokhala pakhonde n'kumamvetsera mpaka bandulo inatha.