Mzere Wachinayi

Chaka chimene atate anadwala TB, anesi a kukiliniki kwathu ku Chawama anatilembera muyezo wa mapuloteni, mafuta ndi sitachi woti azidya tsiku lililonse. Amayi ankagulitsa tomato basi, ndalama zinali zochepa. Ine ndinali mu giredi 12, titangophunzira linear programming, masamu opezera njira yotchipa kwambiri, ndiye ndinawayesa mwakachetechete m'kabuku kanga.

Ufa ndinautcha x, nshawa (mtedza) y. Papepala la girafu ndinajambula mizere itatu, muyezo uliwonse mzere wake. Chakudya chokwanira chinali kumtunda kwa mizere yonseyo, ndipo chotchipa kwambiri chimapezeka pakona, pamene mizere imakumana. Ndinawerengera mtengo pakona iliyonse n'kusankha wotsikitsitsa.

Amayi anaphika phala monga ndinalembera, nalitengera kwa atate m'mbale yaikulu.

"Ba ticha banga, vonse ivi ni vanga?" anaseka atate. Anadya masipuni atatu n'kutembenukira kukhoma. "Sivipita, mwana wanga."

Masamu sanalakwe, koma ndinaiwala mzere wa chakudya chimene wodwala angathe kumeza. Nditaujambula, papepala sipanatsale malo okwaniritsa mizere inayi yonse. Amayi sindinawauze, ndipo atate anapitiriza kuonda.