Agogo atanena kuti mkwatibwi ndi mkazi wawo

Pepala la mawu a ukwati uja ndikadali nalo, m'chikwama momwe muli makhadi a ubatizo ndi zikalata zathu za ku Malawi. Chichewa chili kumanzere, Chingerezi kumanja, ndipo palibe pofufuta. Pa tsikulo agogo amene ndinawalembera sanawerengepo ngakhale liwu limodzi.

Mwana wa mlongo wanga ankakwatiwa ndi mnyamata wa ku Kenya amene anabwera ku Tsangano kudzagwira ntchito ya mbewu ya kachewere. Makolo a mnyamatayo sankamva Chichewa kapena Chipwitikizi. Ine ndiye malume, ndipo Chingerezi ndinachiphunzira ku Ntcheu pothawa nkhondo, choncho kumasulira kunagwera ine. Mwanayo anandinong'oneza akulira kuti apongozi ake aakazi sankaufuna ukwatiwo, chifukwa anamva kuti kuno atsikana amaperekedwa kwa nkhalamba. Anati akangoona chokayikitsa, abwerera osadalitsa.

N'chifukwa chake ndinapita ku Ntengo-Wambalame kwa agogo ake aamuna, obala bambo ake, amene anayenera kulankhulira banja. Tinalemba limodzi mawu aulemu. Poti Chingerezi chilibe "inu" wathu, ndinaika "makolo athu olemekezeka" paliponse pofunika. Agogowo anavomera zonse.

Tsiku la festa ya ukwatiwo, asanadule bolu, keke ya akwati, agogo anaimirira, napinda pepalalo, naliika m'thumba.

"Iwe mnyamata," anatero akuloza mkwati ndi ndodo, "wandilanda mkazi! Uyu ndi mkazi wanga kuyambira ali kumsana. Unandipempha ine?"

Anthu anafa nako kuseka, amayi akulira nthungululu. Aliyense kwathu amadziwa kuti gogo amatcha mdzukulu wake mkazi wake, ndipo pa ukwati ayenera kuchita nsanje. Koma ine ndinayenera kumasulira zimenezi kwa alendo. Mkwati akanandithandiza poti Chichewa ankachimva, koma akwati salankhula pa ukwati wawo, amangozyolika.

Ndinauza alendo m'Chingerezi kuti agogo akuti amamukonda kwambiri mdzukulu wawo.

Mayi a mkwati aja anandiyang'ana. "Ndiye chosekacho n'chiyani? Nanga ndodoyo akulozera mwana wanga chifukwa chiyani?"

Agogo sanandidikire. "Ankandiphikira, ankandichotsa minga kumapazi. Lero wabwera wa mano onse, ine ndatha ntchito!"

Kuseka kunakulirakulira. Ndinaona kuti ndikabisanso, alendowo aganiza kuti tikuwanyoza m'chilankhulo chimene sakumva. Ndikanena momwe zilili, ndiye zomwe ankaopa zija. Ndinayang'ana mlongo wanga, iye atatseka pakamwa ndi kapulana, chitenje chake.

"Bambo mundiuze zomwe anena," anatero mayiwo. "Zonse."

Ndinanena. Ndisanafike n'komwe pofotokoza mwambo, anali ataimirira, chikwama chili m'manja. Mkwatibwi anadzutsa mutu, maso ali pa ine.

"Mayi athu olemekezeka, chonde," ndinatero. "Ndalakwitsa dongosolo. Ndinayenera kuyamba ndi ichi: kuno agogo ndi adzukulu amaseleulana. Mwana sangaseke ndi bambo ake, koma ndi agogo ake amaseka. Nsanje mukuionayi ndi njira yawo yonenera kuti mukutenga munthu wamtengo."

Sanakhale pansi. Ananena kuti nthabwala yofuna kufotokoza chonchi sanaionepo.

Ndinatembenukira kwa agogo. "Agogo, zikuipa. Alendo akuyesa n'zoona."

"Iwe ndiye sukutha Chizungu," anayankha mokweza, anthu n'kusekanso. Mpaka lero mawu amenewa amandiwawa. Ine amene ndinakwera njinga mapiri onse aja kukawalembera!

Ndinangopita kwa agogo aakazi, amene anali pamphasa kutsogolo, n'kugwada. "Amayi, tithandizeni. Tengani wanu."

Anandimva. Anadzuka pang'onopang'ono, nakafika pa mkwati, namugwira dzanja.

"Musiyeni apite, bambo inu. Ine ndapeza wanga. Uyu sakhosomola usiku, ndipo fodya sabisa m'chipewa."

Ulendo uno sindinathamange. Ndinayamba ndanena kuti awa ndi akazi awo enieni a agogo aja, akalamba limodzi, ndipo tsopano akubwezera. Kenako ndinamasulira chiganizo chimodzi, n'kuima, n'kusunga za chipewazo kumapeto monga anachitira eni ake. Bambo a mkwati anaseka mpaka kuvula magalasi.

Mayiwo sanaseke. Anayang'ana nkhalamba ziwirizo nthawi yaitali, kenako anandifunsa ngati agogo aakaziwo azidzamuchitira mwana wawo chomwecho masiku onse.

"Mpaka imfa," ndinatero. "Ndipo akadzalakwiridwa m'banjamo, kokadandaula momasuka n'komweko."

Mayiwo anaika chikwama pampando. Anapita kwa mkwatibwi, namuika dzanja pamutu, napemphera m'chilankhulo cha kwawo. Anthu onse anatembenukira kwa ine kuti ndimasulire, ine osamva ngakhale liwu limodzi. Ndinangovula chipewa, nawonso anaweramitsa mitu.