Uthenga Umene Sunafike

Linali Lachitatu, 3 koloko masana, ndikuanula ufa pamphasa, pamene ndinamva odi wa munthu wamkazi. Nditacheuka ndinaona aphunzitsi a mwana wanga, nsapato zili mbuu ndi fumbi la njira ya ku Ligowe. Ine sukulu ndinalekeza Sitandade 3, ndipo munthu wonyamula mabuku ndinkamuopa ngati wapolisi.

Zinali zaka zija sukulu ya ulere itangoyamba kumene, ana akuphunzirira pansi pa mitengo. Aphunzitsiwa anali mtsikana wa msinkhu wanga, mmodzi mwa aja analembedwa ntchito mofulumira, amene ankaphunzitsa uku akupita ku koleji pa holide.

"Amayi, ndakhala ndikukuitanani kuyambira Lolemba," anatero atakhala pampando. "Mwana wanu sanakuuzeni?"

Ndinamuitana mwanayo. Anali ndi zaka zisanu ndi zitatu. Anatulukira kuseri kwa nkhokwe, waya m'manja, n'kugwada bwinobwino.

"Iwe, aphunzitsi anakutuma chiyani?"

"Anati ndikauze amayi abwere kusukulu m'mawa, asaope, si mlandu."

Mawu onse, osasiya ndi limodzi lomwe. Manyazi anandigwira. Kwathu mwana woleredwa bwino amadziwika pomutuma. Akaiwala timamukhululukira, koma akakumbukira uthenga n'kusaufikitsa timati ndi mwano. Ndinatola kamtengo kamene ndinkapirikitsira nkhuku.

"Dikirani kaye," anatero aphunzitsi. "Chimene mwaonachi ndi chimene ndadzera."

Anandiuza kuti ku koleji anawapatsa ntchito yolemba nkhani ya kakulidwe ka ana, ndipo m'buku limene anabwereka anapezamo mwana wanga. Osati dzina lake, koma machitidwe ake. Anapempha kundifunsa mafunso, nalonjeza kuti dzina sadzalemba. Ndinangogwedeza mutu.

Kodi zinayamba liti? Ndinati atangoyamba kuyenda. Pa sikelo amayi anzanga ankakhala ndi ana awo pamiyendo, ine ndili pa liwiro. Kodi ndi kusukulu kokha? Ndinati ayi, kutchalitchi, kumunda, paliponse. Ukamutuma mchere, machesi ndi sopo, amabwera ndi sopo yekha, dzuwa litapendeka, ali ndi nkhani ya ngolo imene yathyoka gudumu. Akulu akamalankhula amalowerera. Ukamukalipira amalira zenizeni, n'kulonjeza, mawa n'kubwerezanso.

Aphunzitsi anatchula dzina lalitali la Chingerezi, n'kunena kuti amalifupikitsa kuti ADHD. Ataona nkhope yanga anaseka.

"Tisiye Chingerezicho. Mwatchula ngolo. Ng'ombe zingakhale zamphamvu, koma pamafunika munthu wogwira zingwe. Iyeyo ndiye amaziimitsa, amakumbukira kumene akupita, amazibweza zikaona msipu, amayang'ananso dzuwa. M'ubongo, mbali ya kutsogolo kuno, muli ntchito yotero: kudziletsa, kusunga uthenga m'maganizo uku ukuchita zina, kukonza choyamba ndi chotsatira. Mwa ana ena mbali imeneyi imakhwima mochedwa. Nzeru ali nazo, malamulo akuwadziwa. Chimavuta ndi kuchita chimene akudziwa pa nthawi yake."

"Nanga uthengawo waukumbukira bwanji?" ndinafunsa, mawu ali pansi.

"Chifukwa mwamufunsa. Funso lanulo ndi limene laukoka. Panjira panalibe womufunsa."

Zaka zonsezo tinkamuyesa ndi funso limeneli, ndipo akayankha bwino m'pamene tinkamumenya kwambiri.

Ndinaloza galimoto ya mawaya imene anali kupanga. "Achimwene anga amati pa iyi amakhala tsiku lonse osadzuka. Ndiye amati n'zadala."

"Wayayo akamupinda, gudumu limaoneka pompo. Chinthu chomukoma chimamugwira chokha. Koma chimene phindu lake lili kutali chimafuna wogwira zingwe uja."

Anati si kulodzedwa, si kulera koipa, ndipo nthawi zambiri zimayenda m'magazi. Ananenanso kuti iwo si dokotala, ndipite naye kuchipatala akamuone makutu, maso ndi zina, poti mwana wosamva bwino kapena wanjala naye amaoneka wosamvera. Mankhwala anati aliko kumaiko ena, koma kuno anali asanawaonepo.

Pamenepo ndinawauza chimene chinali kundisowetsa tulo. Bambo a mwanayo anali ku esiteti, ndipo mawu pa iye anali ndi amalume ake, achimwene anga aakulu. Iwo anali atagamula kale: Lamlungu likadutsa, mwana apite ku Lisungwi akawete mbuzi za apongozi awo, poti sukulu yamukana.

"Kuwerenga amatha," anatero aphunzitsi. "Ndikamuika patsogolo, pafupi ndi ine, n'kumupatsa ntchito pang'onopang'ono, amamaliza. Akachoka pano sadzabwereranso m'kalasi. Koma ine sindingalowe nkhani ya pabanja. Kalankhuleni ndinu."

Ine? Chibadwire ndinali ndisanawatsutsepo achimwene.

Dzuwa lisanalowe ndinapita. Ndinawapeza akusankha mbatatesi zopita nazo kumsika. Ndinakhala pansi chapatali, n'kuyamba kufotokoza za ngolo ija. Ndinasokoneza, ndinayambiranso.

"Ndiye mwana wako ndi ngolo, eti?" anaseka. "Mlongo wanga, wapita liti ku koleji? Ife matenda amenewo tinkachiza ndi mkwapulo."

"Mwamukwapula kangati, achimwene?"

"Kosawerengeka."

"Wasintha?"

Anaponya mbatatesi yoola kutali. Ine ndinapitiriza.

"Mbuzizo zikakalowa m'munda wa eni iye akuyang'ana zina, mlanduwo ukakhala wa yani? Kumeneko kulibe womukumbutsa. Akangomumenya basi."

Alamu anga, amene anali kupeta pakhonde, analowererapo. "Zoyenda m'magazizo ndiye zoona. Bambo awa anapita ku boma kukagula fetereza, anabwera ndi wailesi."

"Iwe, peta mpunga wakowo," anatero achimwene, koma kukamwa kunali kumwetulira. Anakhala nthawi akutembenuza mbatatesi imodzi m'manja. Kenako anati, "Teremu ino ithe. Aphunzitsi akewo akadzati palibe chosintha, ku Lisungwi. Usadzandilirire."

Sanandipatse zambiri, koma Lamlungu lija linachoka.

Pobwerera ndinkaganiza za mawu omaliza a aphunzitsi. Anati zingwe zimene mwana sangathe kuzigwira yekha, timugwirireko ife kunja kuno mpaka manja ake alimbe: chinthu chimodzi pa nthawi imodzi, chokumbutsa chooneka ndi maso, ndi kuyamikira pompo akachita bwino, osadikira madzulo. Anati sizitha ngati malungo. Ena amakula nazo, koma amaphunzira kukhala nazo. Zimenezo sindinawauze achimwene.

M'mawa mwake sindinakuwe ndili kukhitchini monga ndinkachitira, kuti asambe, avale, atenge kope, atsekulire nkhuku. Ndinapita pamene anali, ndinagwada kuti maso athu alingane, n'kunena kuti, "Kasambe, ubwere." Anachedwa, ndinamupeza akuseweretsa thovu, koma anabwera. Ndinati wachita bwino. Anandiyang'ana modabwa.

Atavala ndinang'amba kansalu m'mphepete mwa chitenje chakale n'kumumanga padzanja.

"Ukakaona aka, ukawauze aphunzitsi kuti amalume alola."

Kenako ndinabereka mwana wanga wamng'ono, ndinatseka chitseko, n'kumutsatira chapatali. Pa mlatho wa mitengo anaima, nayamba kuponya miyala m'madzi. Ndinaima nanenso, osamuitana. Anatola mwala wina, anakweza dzanja, kansalu kaja kanalendewera pamaso pake. Anakayang'ana, anaponyabe mwalawo, kenako anathamanga kulowera kusukulu. Ine ndinapitirira mpaka kuchipatala kukafunsa tsiku limene angamuone makutu.