Mafuta Ophikira a Maliro a ku George

Tsiku limene maoda anavumba, ine ndinavina mpaka kugwetsa thireyi ya mazira. Tinali ndi kasitolo ka pa intaneti, ine ndi achemwali anga aakulu, m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba ku Matero. Anthu okhala kunja ankalipira ndi khadi, ife n'kukapereka ufa, shuga ndi mafuta kwa abale awo m'makomboni. Malonda ankangokwawa, ndiye foni itayamba kulira motsatizana, tinangoti Mulungu watikumbukira.

Kuvina kunatha pamene ndinayamba kulongedza. Oda iliyonse inali ya chigubu chimodzi cha mafuta ophikira, amene kuno timati saladi. Makhadi osiyana, mayina osiyana, koma nyumba imodzi ya ku George, nambala ya wolandira imodzinso. Makhadi ena anali atakanidwa, wina n'kuyesanso nthawi yomweyo ndi lina. M'munsi mwa oda iliyonse analemba kuti za pamaliro.

"Ni malilo iwe," anatero achemwali. "Babululu ba kunja basonkha. Longa chabe!"

"Ba sisi, ni malilo ya bwanji yamene bantu bamwa saladi yeka?" ndinafunsa. "Unga kulibe, kabichi kulibe, malasha kulibe?"

Anandiyang'ana ndi diso lofiira. Tonse tinkadziwa kuti ngati makhadiwo ndi obedwa, eni ake akadandaula kubanki ndalama zidzachotsedwa kwa ife, mafuta atapita kalekale, ndipo mpamba wathu wonse unali m'zigubumo. Koma kumana anamfedwa katundu amene alipira? Achemwali ankati bola kufa kusiyana ndi manyazi amenewo.

Tinakwera minibasi chimanjamanja, mtima wanga ukugunda ndi chimwemwe chosayenera munthu wopita kumaliro. Ndinkadzimva ngati wapolisi! Maliro a m'komboni sabisika. Pamakhala tenti, masofa atulutsidwa panja, chitsa chikufuka, amayi akuimba m'nyumba. Ife tinapeza chitseko chokhoma ndi galu atagona pakhonde. Mayi wina wogulitsa tomato pafupi anatiseka.

"Malilo? Apa? Pankala munthu olo umozi? Banyamata bamabwela chabe kuimilila pa geti, balandila vikatundu, bayenda."

Achemwali anandigwira dzanja, n'kufinya mpaka kuwawa. Pobwerera tinkaseka m'minibasi ngati amisala, anthu n'kumatitembenukira. Titafika tinaimitsa maoda onse, n'kubweza ndalama ku makhadi omwe zinachokera, ndipo tinadziwitsa kampani imene imatilandirira malipiro.

Tisanamalize tiyi, nambala ya ku George inaimba. Anali mnyamata wa mawu aulemu, akufunsa kuti katundu wachedwa bwanji pomwe anthu ali ndi njala pamaliro. Achemwali anakweza foni kuti ndimve nawo, n'kufewetsa mawu.

"Pepani maningi, batate. Tizabwela seo beka na ba mpingo, tilile na imwe. Nanga bamwalila ni bandani?"

Anapuma kaye, tikumumva. Kenaka foni inaduka.