Pumani Wanga wa Pensulo

Chaka chomwe ndinali kalaliki ku ofesi ya boma ku Kafue, sipichi ya bwana wa ku unduna inabwera kuchokera ku Lusaka. Bwanayo amayenera kukaiwerenga kwa anchito a pa fakitale ina ku Industrial. Inali ya Chizungu, mapeji khumi ndi awiri, ndipo chiganizo choyamba chokha chinadya theka la peji. Nditayesa kuchiwerenga mokweza, ndinatsala pang'ono kukomoka.

Ndinaidula kuti chiganizo chilichonse chizitha ndi mpweya umodzi. Manambala ndinawalemba m'mawu, zilembo ndinakulitsa. Pamalo pokokera mpweya ndinalemba ndi pensulo kuti "pumani". Ndinalemba dala m'Chinyanja kuti asasokoneze ndi sipichi.

Tsikulo anchito anaimirira padzuwa. Bwana anamaliza chiganizo choyamba, nayang'ana anthu, nakweza mawu: "Pumani!"

Anthu onse anakhala pansi, akuwomba m'manja. Ine ndinazindikira kuti bwana akuwerenga ndi za pensulo zomwe.

Atafika pothokoza anchito akale amene atumikira zaka zambiri, anabwerezanso: "Pumani!"

Mdala wina wa ku Nangongwe anaimirira, chipewa kumanja. "Ba bwana, tipume nchito lero lomwe? Nanga kalata ili kuti?"

Panatenga nthawi kuti phokoso lithe.

Pambuyo pake bwana anandiitana ku galimoto. Ndinapita ndikudziwa kuti wopuma weniweni ndine.

"Iwe," anatero, "Chizungu chonse chija palibe anamva. Koma kamawu kaja ka pensulo! Ulendo wina ukalembe ndi inki."