Makalendala a bambo Tawakali

A Tawakali, mwamuna wa ku Machinga, adagwira ntchito zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri m'sitolo yogulitsa nsalu, ulusi, mazipi ndi makina osokera ku Jeppestown, mumzinda wa Joni. Mwini sitoloyo atamwalira mu Januwale 1993, ana ake adagulitsa zonse n'kupatsa a Tawakali kalata ya umboni. Kalatayo inali ndi mzere umodzi wokha wonena za ntchito yawo: "Responsible for sales." Basi. Zaka zonsezo, mawu atatu!

Vuto linali chidindo cha m'pasipoti. Chinkatha kumapeto kwa Malichi, ndipo popanda kalata ya bwana watsopano sakanachiwonjezera. Ndiye kuti kukwera basi, kubwerera kwawo ali ndi zaka 53, ana awiri adakali pasukulu ya sekondale ku Liwonde.

Adatenga mawu atatu aja, kuwakopera bwinobwino papepala lofotokoza mbiri yawo ya ntchito, lija aku Joni amati CV, n'kulitumiza m'makampani asanu ndi anayi. Yankho linali zii. Iwo sadadabwe kwenikweni. Adangotopa.

Lachiwiri lina m'mawa adakwera masitepe opita ku kaofesi ka mayi Consolata, Mmalawi wa ku Dedza amene ankatayipira anthu makalata. Panali kampani ina yogulitsa zipangizo zosokera mopikulitsa imene inkafuna munthu woyenda ndi malonda, ndipo a Tawakali ankangofuna pepala lomwelo litayipidwe mwaukhondo.

Mayi Consolata adaliwerenga, n'kuvula magalasi.

"Abambo, apa mwalemba zimene anakutumani. Zimene munachita zili kuti?"

"Si zomwezo? Ndinkagulitsa."

"Ngakhale munthu amene ankawodzera pakauntala zaka zonsezo akhoza kulemba chimodzimodzi. Naye anali responsible. Bwana akawerenga apa akusiyanitsani bwanji ndi iyeyo?"

A Tawakali adayang'ananso pepala lawo lija. Iwotu adaleredwa kuti kudzitama ndi khalidwe loipa, zabwino zako azinena anzako. Joni nayenso adawaphunzitsa zake: mlendo amene akufuna kukhalitsa asamaonekere. Zaka zonsezi adayenda cham'mbali mwa msewu, mawu pansi, chipewa m'manja. Lero ayambe kudziguguda pachifuwa, papepala, m'Chingerezi?

"Ife tinkangogwira ntchito, mayi," adatero.

"Ife ndani? Kampaniyo ikulemba munthu mmodzi. Mbewa ya manyazi idafera kuuna, abambo. Makasitomala munali nawo angati?"

"Ambiri."

"Eish! Ambiri si nambala."

Mabuku a sitolo adapita ndi eni ake, ndiye nambala akanaitenga kuti? A Tawakali adaimirira kuti azipita. Pamenepo maso awo adagwera pakhoma, pomwe panali kalendala ya chaka chimenecho ya sitolo yawo ija, ya chithunzi cha makina osokera.

"Iyotu ndinabweretsa ndine," adatero, mongodandaula. "Disembala aliyense ndinkagawa kwa telala aliyense wogula kwathu. Imodzi imodzi, pamanja. Inuyo ndinakupatsani yotsala."

Mayi Consolata adakoka mpando. "Takhalani pansi. Chaka choyamba munagawa zingati?"

"Khumi ndi ziwiri. Zinkakwana m'thumba la jekete."

"Chaka chathachi?"

"Tinadinda 150. Khumi zinatsala."

"Ndiye kuti matelala 140. Anabwera okha?"

Ayi, sadabwere okha. Nkhani idayamba kutuluka pang'onopang'ono, ngati ulusi wopiringizika. Telala akatseka kuti akagule zipi, ndiye kuti tsikulo walitaya. Choncho a Tawakali adayamba kuwayendera okha Lachitatu ndi Loweruka, chikwama paphewa, kuyambira m'tizipinda ta ku Jeppe mpaka Tembisa, ndipo m'zaka zomalizazi mpaka m'zisakasa za ku Ivory Park. Ankalemba maoda, sabata yotsatira n'kubwera ndi katundu. Makina akagulidwa, ankawamanga okha ndi kuphunzitsa mwini wake kuthira mafuta ndi kusintha singano. Poyamba pa makina khumi alionse, atatu ankabwezedwa kuti ndi owonongeka. Atayamba kuphunzitsa anthu, pankatha chaka wabweza mmodzi yekha, pomwe pachaka ankagulitsa makina pafupifupi 40.

Mayi Consolata ankalemba ndi pensulo, kufufuta, kulembanso. Mzere uliwonse ankauyamba ndi kadontho, kenako mawu osonyeza chimene munthu adachita, njira yake, ndi chimene chidatulukapo. Pena a Tawakali adati mwina alembe 200 kuti zimveke bwino, poti ayamba kale kudzitama. Mayiwo adakana. "Lembani chimene mungachiimire akakufunsani mafunso atatu otsatizana."

Taipilaita idalira. Zidalembedwa m'Chingerezi, koma tanthauzo lake nali:

• Ndinachulukitsa matelala ogula nthawi zonse kuchoka pa 12 kufika pa 140 pakati pa 1976 ndi 1992 powayendera kawiri pasabata.
• Ndinatsegula njira yatsopano ya malonda ku Tembisa ndi Ivory Park, komwe sitolo inalibe kasitomala ndi mmodzi yemwe.
• Ndinachepetsa makina obwezedwa kuchoka pa atatu mwa khumi alionse kufika pa amodzi mwa 40 pophunzitsa ogula kasamalidwe kake.

A Tawakali adawerenga kawiri. Zidawakhudza, n'zoona, koma sichinali chimwemwe. Adamva chisoni. Munthu wa papepalayo anali wolimbikira, ndipo palibe amene adamuuzapo zimenezo, ngakhale iwo eni. Mawondo awo okha ndi amene ankadziwa.

Patatha masiku asanu ndi atatu adaitanidwa. Bwana wa kampani yopikulitsa ija anali mzungu wachinyamata, wa msinkhu wa mwana wawo woyamba. Adaloza kadontho koyamba ndi cholembera.

"Matelala 140? Munawerenga bwanji?"

Adamufotokozera za makalendala. Bwanayo adafunsa za Ivory Park, iwo adamuuza potsikira tekisi, telala amene amasoka mayunifolomu a sukulu, ndi mwezi umene ulusi woyera umatha chifukwa cha maukwati. Mnyamatayo adasiya kulemba n'kumangomvetsera.

"Chabwino," adatero pomaliza. "Kalata ya chidindo chanu ndilemba lero. Ndikuyesani miyezi isanu ndi umodzi. Tikufuna kulowa ku Orange Farm, tilibeko aliyense. Mwalemba apa kuti mumatha kutsegula njira yatsopano. Mundipezere matelala 40."

Orange Farm! Kum'mwera kwenikweni uko, ulendo wa sitima, kenako wapansi, m'fumbi, khomo ndi khomo. Mawu atatu akale aja sankalonjeza kanthu kwa munthu aliyense. Timadontho timeneti tinali lonjezo, ndipo adasaina okha.

"Yes, sir," adayankha.

Pobwerera adadzera kwa mayi Consolata. Sadakwere masitepe, adangoitana ali pansi. Mayiwo adasuzumira pawindo.

"Zayenda?"

"Zayenda. Tikhala."

"Nanga nkhope imeneyo ndi ya maliro a ndani?"

"Akhulupirira zonse, mayi," adatero a Tawakali. "Akuti ndichitenso."

Pakona pa msewu panali munthu wokonza nsapato, amene ankawadziwa kuyambira kale. A Tawakali adakhala pa kabenchi kake, adavula nsapato zonse ziwiri n'kumupatsa, ndipo adamuuza kuti aike mphira yokhuthala, ya tayala. Adadikira pomwepo ali ndi masokosi okha, akusisita mawondo.