Nkhupakupa yopanda mutu

Kujambula ndinaphunzira kwa amalume, amene ankalemba zikwangwani za maokala ndi malo ometera tsitsi pa Mtunthama. Iwo ankati chithunzi chopanda mthunzi n'chakufa. Akajambula botolo la mafuta ophikira, umafuna kulitola pakhomapo. Ine ndinatengera dzanja lomwelo, ndipo pofika folomu 4 pa sekondale yathu yoyendera aliyense ankadziwa kuti wojambula ndine.

Aphunzitsi a Bayoloje okha ndiwo sankagometsedwa nane. Tsiku lina ndinawajambulira chiwala chokongola, mapiko ochita kunyezimira, iwo n'kundipatsa malikisi anayi pa khumi. Ndinapsa mtima mpaka makutu kutentha.

"Iwe, kuno si kokometsa sitolo," anatero. "Mthunzi ayi. Mzere ukhale umodzi, wosadukaduka, pensulo yosongoka. Mizere yoloza ziwalo ulembe ndi lula, isapingasane, ndipo usaike mivi kumapeto. Pansi ulembe dzina la chinthucho ndi kuti wachikulitsa kangati. Koma chachikulu n'chakuti jambula chimene ukuona, osati chimene ukukumbukira."

Mawu otsirizawo ankawabwereza ngati nyimbo ya kwaya, mpaka tinkawayeserera kuseri. Komabe ndinamvera. Teremu yonse ndinalimbana ndi dzanja langa lomwe, limene linkangofuna kudetsa pamimba pa chilichonse. Malikisi anakwera pang'onopang'ono mpaka asanu ndi anayi, koma khumi ankandizemba. Pena ndaiwala kuyeza, pena mzere woloza wathera m'malere osakhudza chiwalo.

Chaka chimenecho sukulu inapaka laimu khoma la chipinda cha sayansi, loyang'ana kumsewu wodutsa ngolo za fodya. Aphunzitsi analengeza kuti amene adzapeze malikisi onse pa funso lojambula pa mayeso oyeserera a moko ndiye adzajambule pakhomapo ndi penti, dzina lake n'kulembedwa pansi. Khomalo ndinalifuna ndi mtima wanga wonse. Ndinkaliyang'ana m'mawa uliwonse ngati munda wanga.

Moko itayandikira, aphunzitsi anatiuza kuti amene kwawo kuli ng'ombe abweretse tizilombo tosiyanasiyana ta m'khola, ati n'tosunga mu labu. Tonse tinadziwa tanthauzo lake: tizilomboto tidzabwera pa mayeso. Kwathu kuno ng'ombe n'zokoka ngolo, ndipo nkhupakupa sitiinyengerera. Umaitsina ndi zikhadabo, kuizula kamodzi n'kuiponya pamoto. Anzanga anazula momwemo, n'kubwera nazo m'timabokosi ta machesi. Zonse zinathiridwa m'botolo limodzi la sipiriti.

Tsiku la mayeso aliyense anapeza pa desiki kambale, galasi lokuzira zinthu ndi lula. Aphunzitsi athu sankaloledwa kulowa. Woyang'anira anali mayi wa ku sukulu ina, amene tinamva kuti amaphunzitsa Chichewa. Funso linati tijambule chinthu cha m'kambale ndi kulemba maina a ziwalo zitatu: mwendo, chishango cha pamsana, ndi ziwalo zapakamwa.

Ndinaika galasi. Inali nkhupakupa yamawangamawanga ija imakonda kubere ndi kunsi kwa mchira, chishango chake chokongola ngati chitenje, miyendo isanu ndi itatu yonse ilipo. Koma kutsogolo kunali kadzenje chabe. Mtundu umenewu uli ndi mlomo wautali umene umalowa kwambiri m'chikopa, ndipo ukaizula mwamphamvu kamutu kamatsalira m'ng'ombe. Yanga inali yoteroyo. Ndinaitembenuza ndi nsonga ya pensulo, kuyang'ana kumimba, kufufuza m'kambale monse, osapeza kanthu.

Ndinakweza dzanja.

"Madamu, yangayi ilibe mutu. Ndimapempha ina."

Anabwera n'kusuzumira chapatali, atakwinya mphuno chifukwa cha fungo la sipiriti.

"Nkhupakupa ili ndi mutu ngati mbuzi? Si imeneyo ili m'mbalemo?"

"Ziwalo zapakamwa zinaduka, madamu. Funso likufuna zimenezo."

"Ndiye ukufuna ndikuuze mayankho? Aliyense wapatsidwa yake, zotsala palibe. Lemba, nthawi ikutha."

Ena anaseka chamumtima, mapewa okha akugwedezeka. Ndinakhala pensulo ili m'manja, thukuta likutsika m'khosi. Kamutu ka nkhupakupa ndinkakadziwa bwino lomwe: katsinde, timanja tiwiri m'mbali, ndi kamlomo ka mano oyang'ana m'mbuyo pakati. Ndikanatha kukajambula nditatsinzina. Koma m'makutu munkangolira mawu aja akuti chimene ukuona, osati chimene ukukumbukira. Ndinaganizanso kuti mwina ndi msampha, aphunzitsi aika dala yoduka kuti agwire oloweza za m'buku. Nanga kukulitsa ndikanawerengera bwanji? Umayeza utali wa chithunzi n'kugawa ndi utali wa chinthucho. Ndikawonjezera mutu umene palibe, ndiye kuti nambalayo ndi yabodza.

Ndinajambula chimene ndinaona. Chithunzi chachikulu, choposa theka la malo amene anatipatsa. Mzere umodzi woyera kuzungulira thupi, miyendo inayi mbali iliyonse, mfundo zake zonse zooneka. Mawanga a pachishango ndinangowazunguliza ndi mzere wopyapyala, dzanja likuyabwa kufuna kuwadetsa. Mizere yoloza ndinailemba ndi lula, yonse kudzanja lamanja. Wachitatu ndinaulozetsa pa kadzenje paja n'kulemba m'Chingerezi kuti ziwalo zapakamwa zaduka. Sindinajambulepo chinthu chaukhondo chotero chibadwire.

Mapepala atabwera ndinapeza asanu ndi atatu. Imodzi anandichotsera chifukwa chiwalo china sichikuoneka pa chithunzi, ina chifukwa dzina lachitatu silikuloza chiwalo chilichonse. Ndinawalondola aphunzitsi mpaka pakhomo la ofesi.

"Sala, munati tijambule chimene tikuona."

Anayang'ana pepalalo nthawi yaitali, n'kupumira m'mwamba.

"Chithunzichi n'chabwino kuposa zonse, sindikukana. Koma mapepala tinachongera pamodzi ndi sukulu zina, ndipo ndondomeko yochongera ikufuna ziwalo zitatu. Wochonga saona kambale kako, amaona pepala."

"Ndiye ndikanajambula za m'mutu?"

"Ukanaumirira kuti akusinthire. Zinalipo zina m'botolo, mu ofesi muno."

Botolo linali kuseri kwa khoma limodzi lokha, ine ndikutuluka thukuta ndi nkhupakupa yoduka. Aphunzitsi anavomera kuti anayenera kuziyang'ana imodziimodzi asanazigawe, ndipo anati pa mayeso enieni a boma adzatero. Anandisisita paphewa, koma malikisi sanasinthe.

Khumi anapeza mtsikana wina wodekha wa kutsogolo, amene sindinkadana naye. Nditamufunsa ngati yake inali ndi mutu, anaseka.

"Kaya! Ine zinthu zimene zija zimandinyansa, sindinaiyang'anitsitse n'komwe. Ndinayeza ndi lula msangamsanga, basi n'kujambula ya m'buku."

Loweruka lojambula khoma litafika, zinadziwika kuti mtsikanayo sankatha kukulitsa chithunzi kufika pa msinkhu wa khoma. Miyendo inkatuluka ngati mizu ya chinangwa. Aphunzitsi ananditumizira uthenga kuti ndikathandize. Ndinalumbira kuti sindipita, koma masana ndinapezeka ndili pa makwerero, choko m'manja, ndikutukwana chamumtima. Ndinajambula nkhupakupa yonse, iye n'kumatsatira mizere yanga ndi penti yakuda.

Titamaliza, aphunzitsi anati dzanja langa ndi labwino pa zilembo kuposa la wina aliyense. Anandipatsa kaburashi kakang'ono, ndipo dzina la mtsikanayo pansi pa chithunzicho ndinalemba ndine.